Mawu a pakhoma pa chigoba cha Chadzunda

"Zikomo bambo. Tikukonza kachionetsero kakang'ono kuno ku Dedza, ndipo mwa zinthu zathu muli chigoba chamtengo cha Chadzunda. Andiuza kuti ndilembe mawu oika pakhoma osafika 100, oti mlendo aliyense amve. Ndalemba tsamba lathunthu, kudula kukundikanika. Ndiyambire pati?"

Mayi, yambirani pa chigobacho, tsamba lanulo liyambe lapuma. Chiikeni patebulo, muone chimene diso likuyamba kugwera. Pa Chadzunda kawirikawiri ndi nkhope yakuda, makwinya, ndevu ndi mano operewera. Mlendo akafika amayamba wayang'ana nkhopeyo, kenaka n'kutembenukira kukhoma kufuna womuuza kuti ameneyu ndani. Ali chiimire, mwina mwana akumukoka chitenje. Mawu anu akayamba ndi mbiri ya Achewa kuchokera ku Kaphirintiwa, awerenga mzere umodzi n'kupitirira.

Ndikhulupirira kuti m'tsamba lanulo muli zoti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. N'zoona, koma zimenezo ndi za gule yense. Zipite pa chikwangwani chachikulu cha pakhomo, zilembedwe kamodzi. Pambali pa chigoba pakhale za chigobacho basi.

Pamwamba ikani timizere tifupitifupi: dzina, kochokera, zopangira, nthawi. Apa m'pamene anthu amanama mosadziwa. Ngati amene anakupatsani sanatchule mtundu wa mtengo, lembani "mtengo", musaganizire. Chaka ngati sichidziwika, musalembe "chakalekale" poona kuda kwake, chifukwa utsi ndi mafuta zimakalambitsa chigoba cha chaka chatha. Funsaninso ngati chinavinapo pabwalo kapena anasemera malonda, monga zambiri zogulitsidwa m'mbali mwa msewu wa M1. Tembenuzani muone m'kati: chimene chinagwira ntchito chimakhala chosalala ndi chothimbirira, ndipo timabowo ta m'mphepete, momangirira nsalu, timakhala tokhulika. Chosemera alendo chimakhala chatsopano m'kati, nthawi zina cholemera kwambiri. Sichoipa ayi, koma munene zoona zake.

Ine ndikanalemba chonchi:

Chadzunda
Gule Wamkulu wa Achewa, Dedza
Mtengo, utoto, ubweya ndi nsalu

Taonani makwinya pamphumipa ndi mano otsalawa. Uyu ndi Chadzunda, tate wa magule, woimira mfumu ndi makolo a mudzi. Amalowa m'bwalo akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, koma akangoyamba kuvina ndi mkazi wake Maliya, mphamvu zimabwerera. Gule amatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu. Chimene mukuona pano ndi nkhope yokha. Pabwalo Chadzunda amabwera ndi zovala zake, ng'oma ndi nyimbo yake.

Pamodzi ndi mutu, mawuwa sakufika 80, ndipo musavutike kuwonjeza kuti akwane 99. Mawu a Chichewa ndi aatali: "akangoyamba" ndi liwu limodzi, koma pakhoma likudya malo a mawu atatu. Chiganizo choyamba chikubweza maso a mlendo ku chigoba. Chapakati, chotsimphinacho, n'chimene adzakumbuke akafika kwawo, chifukwa chikumuonetsa Chadzunda akuyenda. Chomaliza ndimachikakamira pa chigoba chilichonse, poti mlendo wosadziwa amayesa kuti chinasemedwa kuti chizikongoletsa khoma.

Mwaona kuti sindinalembe za amene amakhala kuseri kwa nkhopeyo, kapena za kumene zigoba zimakonzedwa. Ndachita dala. Kwa eni mwambo chotuluka pabwalo ndi chilombo, mzimu wa makolo, ndipo za kudambwe sizikambidwa pagulu. Kuno ku Dedza owerenga anu ambiri ndi olowa, ena ndi ana osameta, ena ndi akumpingo amene gule samufuna n'komwe. Mawu anu anene zimene aliyense woima pabwalo amaona ndi maso ake. Musatamande, musanyoze, ndipo mawu ngati "zamizimu yoipa" kapena "zachikunja" asapezekepo.

Musanasindikize, pitani nawo kwa amfumu a kumene chigobacho chinachokera, kapena kwa akuluakulu a gule amene iwo angakulozereni, muwawerengere mokweza. Maina ndi matanthauzo amasiyana mudzi ndi mudzi, moti chimene wogulitsa anati ndi Chadzunda eni ake akhoza kuchitcha dzina lina. Akatero, tsatani eni ake. Mukapeza mpata tsikirani ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. M'nyumba yoonetsera zachikhalidwe ya Chamare komweko muli zigoba mazanamazana, ndipo mukhoza kukafananitsa chanucho.

Zilembo zikhale zakuda papepala loyera, saizi 20 kapena kuposa, ndipo pepalalo likhale cha pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Mukamata, itanani wina wosadziwa za gule, awerenge ataima sitepe imodzi kuchokera kukhoma, kenaka mumufunse kuti Chadzunda ndani. Akayankha kuti ndi nkhalamba yotsimphina ija yovina ndi Maliya, musasinthenso kanthu.