"Moni nonse" pamaso pa akuluakulu

"Achimwene, ndinafika pamsonkhano wa sosaite yathu ya maliro ku Mufakose, mumzinda wa Harare, n'kunena kuti 'moni nonse'. Agogo ena anandiyang'ana moipidwa. Kodi ndimayenera kupereka moni kwa mmodzimmodzi? Nanga ndiyambire ndani?"

Mchemwali wanga, kalata yanu yandikhudza kwambiri. Sindikukayika kuti chinawawawa agogowo n'chakuti munalankhula muli chiimire, mawu akudutsa pamwamba pa mitu yawo. Kwathu "moni nonse" ndi mawu a munthu amene wapatsidwa bwalo: wapampando, abusa, kapena mlendo amene auzidwa kuti aimirire anthu amuone. Wongofika kumene bwalolo sanalilandire.

Bambo anga anachoka ku Dedza mzinda uno ukadatchedwa Salisbury, dzina la Harare lisanabwere mu 1982. Misonkhano ya sosaite inkachitikira pakhomo pathu ku Mabvuku, abambo pamipando, amayi pamphasa chakukhitchini. Munthu akafika pageti ankavula chipewa, kuwerama, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono akuti "zikomo, zikomo" mpaka atapeza pokhala. Atakhazikika, eni khomo ndiwo ankayamba: "Takulandirani, muli bwanji?" Mlendo salonjeredwa ali chilili. Ine mwana ndinkatumidwa kukagwada pamaso pa aliyense, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, mawondo mpaka kutuwa ndi fumbi. Bambo ankangondiloza ndi diso ndikafuna kudumpha wina.

Ndipo chimandipweteka n'chakuti ana athu obadwira kuno timawadzudzula pa zinthu zimene sitinawaphunzitse. Amakula akumva moni wa "makadii" kwa anansi athu Achishona, amenenso amawomba m'manja mwaulemu ndithu, koma kunyumba palibe wowakhazika pansi. Kenako timati ana a machona alibe mwambo! Ayi, zimenezo ndimakana. Agogo aja akanakuitanirani pambali n'kukulangizani. Maso okha saphunzitsa munthu.

Nanga woyamba ndani?

Mukafika zokambirana zisanayambe, ndipo anthu ndi ochepa, mwina khumi, afikeni onse. Yambani ndi mwini khomo, chifukwa ndiye wakupondetsani pabwalo pake. Kenako amfumu kapena abusa ngati alipo, ndiye wapampando, ndiye achikulire, amuna ndi amayi omwe. Pamoni udindo wa mukomiti suposa imvi: mlembi wachinyamata adikire, agogo alandire kaye. Mukangoyamba kugwirana chanza musalekeze panjira, pakuti wodumphidwa amasunga kukhosi, ndipo mudzamudziwa tsiku lina akadzakuyankhani ndi "eya" wouma.

Mukapeza pemphero kapena nkhani zili mkati, musagwire dzanja la munthu. Weramani, ombani m'manja motsitsa kuyang'ana kwa akuluakulu, khalani kumbali ya amayi, n'kunong'oneza moni kwa amene mwayandikana nawo. Ena onse muwafike msonkhano ukatha, ndipo Lamlungu likubwerali muyambire agogo aja.