Kukazinga nthanga za dzungu osazipsereza

"Nthanga zanga zimada kunja koma mkati zili zosapsa. Ndizikazinge nthawi yaitali bwanji, ndipo nditakase kangati?"

Ndikuganiza kuti mukuziika pamoto zisanaume. Mukazitsuka n'kuchotsa ulusi wa dzungu, ziyanikeni mpaka zisiye kumata m'manja. Yonyowa imayamba yaphikika ndi nthunzi, ndiye khungu limapserera mkati musanaume.

Mu chiwaya chopanda mafuta, moto ukhale wapakatikati, ndipo muthire nthanga zongokwanira kuphimba pansi, zisasanjikizane. Zimatenga mphindi 5 mpaka 10. Apa musachokepo ayi, takasani pafupifupi mosalekeza, makamaka zikayamba kuthetheka. Mudzaona zikufufuma pamimba, zikusanduka zofiirira pang'ono, kafungo kabwino kakutuluka. Phulani pomwepo muzikhuthulire m'mbale, chifukwa chiwaya chotentha chimapitiriza kuziwotcha ngakhale mwachichotsa pamoto.

Mu uvuni ntchito ndi yochepa: madigiri 160, mphindi 15 mpaka 20, kutakasa kawiri basi. Yang'anirani za m'mphepete mwa thireyi, ndi zimene zimayamba kuda.

Ine ndimatapa imodzi, kuidikira izizire, kenaka n'kuiluma. Yotentha imanamiza, imaoneka yofewa pomwe yapsa kale.