Atakukanizani kukwera ndege chifukwa yadzaza

"Mwezi wamawa ndikupita ku Dublin kudzera ku Addis Ababa. Akuti munthu atha kumusiya pa eyapoti tikiti ili m'manja. Ndizoona? Nditani?"

Ndizoona, achemwali. Makampani a ndege amagulitsa matikiti oposa mipando poyembekezera kuti ena sabwera. Onse akabwera, nthawi zambiri amasiya omwe achita chekini mochedwa. Choncho chitani chekini pafoni akangotsegula, musanachoke n'komwe ku Ntcheu, musankhiretu mpando. Za minibasi yodikira kudzaza pa Boma tsiku lonyamuka, ayi, kagoneni ku Lilongwe.

Chipukuta misozi chimatengera komwe mwanyamukira. Pobwerera, ponyamuka ku Dublin, lamulo la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya la EU 261/2004 limakutetezani ngakhale kampaniyo ikhale ya ku Africa. Akakusiyani musakufuna pa ulendo woposa makilomita 3,500, akupatseni mayuro 600, chakudya, pogona ngati mugonere, komanso ndege ina kapena akubwezereni ndalama. Akakufikitsani osachedwa kuposa maola 4, atha kudula theka. Popita, kunyamuka pa Kamuzu ndi kampani yosakhala ya ku Ulaya, lamuloli silikukhudzani, muwerenge malamulo a patikiti.

Akamafunsa odzipereka kuti atsale musathamangire kukweza mkono. Mukavomera, mayuro aja apita, mungolandira zomwe mwagwirizana, komanso ndege ina kapena kubwezeredwa ndalama za tikiti. Apempheni kalata yonena chifukwa chomwe akusiyirani, ndipo kapepala kokwerera musataye.