Nkhomaliro ya pa msonkhano wa anthu 120: ndiphikire angati?

"Ndimaphika pa maukwati ndi pa zinkhoswe, koma tsopano bungwe lina landipatsa ntchito yokonza nkhomaliro pa msonkhano wa tsiku limodzi. Akuti anthu adzakhala 120, ndipo kudya ndi 12:30. Kuholoko kulibe khitchini yeniyeni, tidzaphikira kuseri. Ndigule zochuluka bwanji, ndipo ndisamale ndi chiyani kuti ndisachite manyazi?"

Mayi, pa zonse zimene akuuzanizo pali manambala awiri amene musawakhulupirire msanga: 120 ndi 12:30. Amene akupatsani ntchitowo sakunama ayi, koma iwo akuwerenga mayina amene ali pa pepala la oitanidwa, pomwe inu mudzadyetsa aliyense amene adzapezeke pamalopo mimba ikulira.

Tiyambe ndi anthu. Pa mndandanda wa oitanidwa sipakhala madalaivala, ndipo msonkhano wa anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana umabwera ndi galimoto zambiri. Sipakhala atolankhani, sipakhala mnyamata wa zokuzira mawu, mlonda wa pageti ndi osesa muholo. Kukakhala mlendo wolemekezeka, sabwera yekha. Ndiye pali antchito anu omwe, amene sangagwire ntchito kuyambira mbandakucha osadya. Imbirani amene akuyendetsa msonkhanowo ndipo muwafunse magulu amenewa limodzilimodzi, chifukwa mukangofunsa kuti "anthu onse ndi angati" adzabwereza 120 yomweyo. Tinene kuti mwapeza madalaivala 12, atolankhani ndi operekeza mlendo 8, antchito anu ndi a paholo 10. Mwafika kale pa 150. Nambala imeneyi ilembedwe pa pepala la mgwirizano, pamodzi ndi mtengo wa mbale imodzi, ndiponso mawu akuti mbale zopitirira pamenepo zidzalipiridwa padera. Pa ukwati anthu akachuluka achibale amamvetsa, koma pa msonkhano wa bungwe, woyang'anira zachuma amalipira zokhazo zimene zinalembedwa.

Pa tsikulo pali mwayi umodzi wokonza nambalayi. Nthawi ya tiyi wa m'mawa, cha m'ma 10 koloko, tumani munthu akaone pepala limene anthu asayina polowa, awerengenso ali panja. Nthawi imeneyo nyama ili kale pamoto, koma mpunga ndi ufa mukhoza kuwonjezera kapena kuchepetsa.

Kagulidwe kake ndimakawerengera chonchi pa anthu 150. Pa misonkhano yotere ambiri amathamangira mpunga, ena nsima, ndipo ena amafuna zonse ziwiri, choncho musagawe pakati ndi pakati. Konzani mpunga wa anthu 100, magalamu 120 a mpunga wosaphika pa munthu, ndiwo makilogalamu 12. Ufa konzerani anthu 80, magalamu 200 pa munthu, ndiwo makilogalamu 16. Mukaphatikiza muona kuti zapitirira 150, ndipo ndi dala, poti mpunga ndi ufa ndi zotchipa poyerekeza ndi ndiwo, komanso mbale ikasowa nsima palibe chobisira. Ngati ambiri mwa obwerawo ndi mafumu, alimi kapena a m'makomiti a kumudzi, tembenuzani manambalawo, nsima ichuluke. Mpunga wa Kilombero anthu amaukonda chifukwa cha fungo lake, koma mu mphika waukulu sufuna madzi ambiri, umaphwanyika. Ndi bwino kuuphika m'miphika iwiri kusiyana ndi chimphika chimodzi chimene pansi chapserera pamwamba pakadali pauwisi.

Ndalama zimathera pa ndiwo. Nkhuku yachizungu ya kilogalamu imodzi ndi theka imatulutsa nthuli 8 zooneka bwino, ndiye nthuli 100 zifuna nkhuku 13, ndipo mugule 14. Nyama ya ng'ombe ya mafupa werengerani magalamu 200 yaiwisi pa munthu, chifukwa imafota ikapsa; ya anthu 60 ndi makilogalamu 12. Nyemba makilogalamu 5 zikwana, ndi masamba a mitundu iwiri. Manambala onsewa amagwira ntchito pokhapokha ngati ndiwo za nyama zikugawidwa ndi antchito anu. Mukasiya chipande m'manja mwa odya, anthu 40 oyamba adzatenga nkhuku ndi ng'ombe yomwe, ndipo omaliza adzapeza msuzi wokhawokha. Omalizawo kawirikawiri amakhala okonza msonkhano eniake, amene amatsalira muholo kulongedza mapepala, ndipo ndi omwewo adzasankhe wophika ulendo wina.

Nkhani ya zimene anthu sadya ndiyo ndikufuna muitenge mozama, chifukwa pamenepa munthu akhoza kugona ndi njala kapena kudwala kumene. Pemphani kuti funsoli lifunsidwe m'kalata yoitanira anthu, ndipo mayankho akufikeni kutatsala masiku atatu. Ngakhale asayankhe, pa gulu la anthu 150 a m'Malawi muno dziwani kuti Asilamu alipo. Kwa iwo sikokwanira kungochotsa nkhumba pa mndandanda. Nkhuku ndi ng'ombe zikhale zozingidwa mwa halaal, zogulidwa kwa ogulitsa amene Asilamu eniake amawadalira, ndipo musunge lisiti kuti wina akafunsa mumuonetse. Njira yapafupi ndi yakuti nyama yonse ikhale yotero, nkhumba isapezeke n'komwe pa tsikulo, ndipo miphika imene munakazingiramo nkhumba pa ukwati wapita itsukidwe bwinobwino kapena itsale kunyumba. Msonkhano ukakhala Lachisanu, Asilamu amatuluka masana kupita ku mzikiti, ndiye funsani kuti ndi angati ndipo muwasungire chakudya chawo chotentha, osati zotsalira za m'mphika.

A mpingo wa Seventh Day nawo sadya nkhumba, komanso sadya nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Ngati mukuika nsomba, chambo ndiye chimalandiridwa ndi onse. Ena sadya nyama ya mtundu uliwonse, ndipo kwa amenewa nyemba zanu zikhale zophikidwa pazokha, zosathira msuzi wa nyama pofuna kukometsa, ndi chipande chakechake. Odwala matenda a shuga vuto lawo lalikulu pa msonkhano ndi kuchedwa kwa chakudya, chifukwa amene wamwa mankhwala kapena kubaya jekeseni m'mawa shuga wake akhoza kutsika kwambiri akapanda kudya pa nthawi yake. Mbale zawo zikhale zokonzeka pa 12:30 ngakhale msonkhano usanatuluke, ndipo pakhale madzi ndi zipatso, osati zakumwa zotsekemera zokhazokha. Mchere chepetsani m'miphika yonse, muike wina patebulo. A kuthamanga kwa magazi adzakuthokozani. Ndipo musaiwale nsinjiro. Pali anthu amene thupi lawo limadana ndi mtedza moti pang'ono pokha amatupa milomo ndi kubanika. N'chifukwa chake ndati masamba akhale a mitundu iwiri: otendera ndi osatendera, ndipo pa otenderawo pakhale kapepala kolembedwa moonekeratu kuti muli mtedza.

Tsopano nthawi ija. Misonkhano siituluka pa nthawi yolembedwa. Mlendo wolemekezeka akachedwa kutsegulira, dongosolo lonse limasuntha, ndipo 12:30 imasanduka 1:30. Nyama, nyemba ndi mpunga zikhoza kudikira pa makala ochepa zili zovundikira. Nsima siidikira; ikakhalitsa imauma pamwamba ndi kuchita thukuta pansi. Choncho pezani munthu mmodzi mwa okonza msonkhano amene adzakhale muholo, mutenge nambala yake, mugwirizane kuti akuimbireni kukatsala mphindi 30 kuti anthu atuluke. Phala likhale likuwira kale, ndipo foniyo ikalira ndi pamene muthire ufa, muvundule ndi kuyamba kuomola m'mafuduwoma. Phikani nsima kawiri: mphika woyamba wa anthu 50, wachiwiri uzipsa mzere uli mkati.

Kudikiraku kulinso ndi malire a umoyo. Chakudya chophika chiyenera kukhala chotentha kupitirira madigiri 60, ndipo chikachoka pamoto n'kungokhala pamtetete chisapitirire maola awiri. Mukakhala opanda choyezera, onani ngati chikutulutsa nthunzi yeniyeni mukavundukula. Chofunda chabe ndiye choopsa. Mpunga ndiwo umapusitsa, chifukwa tizilombo tina ta mu mpunga sitifa pophika, ndipo ukazizira pang'onopang'ono timachulukana n'kusiya poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa. Mpungawo sununkha, suoneka wosasa, koma anthu amayamba kusanza asanafike kwawo. Saladi wa kabichi ndi tomato mutsuke ndi madzi othira mankhwala, mumudule chakumapeto, akhale pozizira. Aliyense amene anaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 sangaike beseni limodzi loti anthu onse asambemo m'manja. Pakhale ndowa za mpopi ndi sopo.

Pa kagawidwe, werengani nane. Munthu mmodzi akatenga masekondi 20 kuti alandire chakudya, anthu 150 pa mzere umodzi atenga mphindi 50, ndipo nthawi ya nkhomaliro nthawi zambiri ndi ola limodzi basi. Womalizayo adzakhala asanalawe wotsogolera mwambo akuitana kale. Mizere iwiri yokhala ndi zakudya zofanana imadula nthawiyo pakati. Mzere uliwonse ukhale ndi ogawa atatu: wa nsima ndi mpunga, wa masamba ndi nyemba, ndipo wa nyama akhale kumapeto, mbale itadzaza kale. Posamba m'manja pakhale patali pang'ono ndi matebulo, ndowa zitatu kapena zinayi, apo ayi mzere udzaima pampopi ogawa ali chilili. Zakumwa zikhale pa tebulo lina. Mlendo wolemekezeka ndi anzake apatsidwe tebulo lawo ndi woperekera wawo, kuti anthu onse asaime kudikira akuluakulu asankhe nthuli. Ngati holoyo ili pamalo podutsa anthu, pemphani okonza msonkhano agawe timakadi ta chakudya polembetsa m'mawa, ndipo madalaivala apatsidwenso. Timakadito ndi umboni wanu wa mbale zimene zatuluka.

Kuchotsa mbale kuyambe anthu akadali kudya. Anyamata awiri aziyenda ndi mabeseni, wina wa mbale wina wa zotsalira, kuti holo ikhale yoyera gawo la masana lisanayambe, ndipo kutsuka kuchitikire kuseri kumene phokoso la mbale silingafike muholo. Mbale, masipuni ndi matambula muwerenge potsitsa m'mawa ndi pokweza madzulo, makamaka ngati n'zobwereka, poti masipuni ndiwo amasowa kwambiri. Chakudya chotsala m'miphika mugwirizane pasadakhale kuti n'cha ndani. Chikakhala chikadali chotentha chigawidwe pompo kwa alonda ndi antchito, ndipo mpunga umene wakhala pamtetete kupitirira maola awiri utayidwe ngakhale ukuoneka bwino. Makala azimitsidwe ndi madzi, phulusa ndi zinyalala muchoke nazo. Anthu akangolowanso muholo, tengani timakadi tija mupite kwa amene anakupatsani ntchito, muwerenge limodzi, asayine pa pepala lanu nambala ya mbale zimene zadyedwa tsiku lomwelo asanakwere galimoto.