Zitsulo zaima, thupi likungophwanya: kodi vuto ndi tulo?

"Achimwene, ndakhala ndikunyamula zitsulo kwa zaka ziwiri, masiku asanu pa sabata. Ndimadzuka 4:30 m'mawa kupita ku jimu ndisanakwere minibasi ya kuntchito, ndipo ndimagona cha m'ma 11:30 usiku. Miyezi iwiri tsopano benchi yanga yaima pa makilo 80, ndipo ndikamenya sikwati miyendo imapweteka masiku anayi. Anzanga akuti ndigule puloteni ya ufa ija. Ndigule, kapena vuto ndi tulo?"

Ndalama ya ufayo musunge kaye, achimwene. Maola asanu a tulo ndi ochepa kwa munthu aliyense wamkulu, amene amafunika maola 7 mpaka 9, nanji inu amene mukulipatsa thupi ntchito yokonza minofu tsiku ndi tsiku. Kuthira ufa pamenepa kuli ngati kuunjika matumba a simenti pamalo pomwe mmisiri akugwira theka la tsiku. Khoma silikwera chifukwa chakuti simenti yachuluka.

Mukanyamula chitsulo cholemera, timinofu ting'onoting'ono timavulala pang'ono, ndipo thupi limayankha pomanga mapuloteni atsopano m'minofumo kwa tsiku limodzi kapena awiri otsatira. Mphamvu zimabwera pa kumangako, osati pa nthawi yomwe muli pansi pa chitsulo. Tsono liwiro la kumangaku limatsika munthu akapanda kugona. Ofufuza a ku Australia anayeza zimenezi mwachindunji, potenga kachidutswa ka mnofu wa pantchafu. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2021, achinyamata athanzi omwe anachezera usiku umodzi wonse osagona, kumanga mapuloteni m'minofu yawo kunatsika ndi maperesenti 18. Homoni ya kotizo, yomwe imakwera thupi likapanikizika ndipo imakonda kugumula kusiyana ndi kumanga, inakwera ndi maperesenti 21, pomwe testositeroni, homoni yachimuna yothandiza kumanga minofu, inatsika.

Mwina munena kuti inu simuchezera usiku wonse. Zoona, koma za inu zinayesedwanso. Ku yunivesite ya Chicago, mu 2011, anyamata omwe anawagoneka maola asanu okha kwa sabata imodzi, testositeroni yawo ya masana inatsika ndi maperesenti 10 mpaka 15. Sabata imodzi yokha. Inu mwakhala choncho kwa miyezi.

Kafukufuku amene ine amandigwira mtima kwambiri ndi wina wa ku Chicago komweko, wa mu 2010. Anthu khumi onenepa pang'ono anawachepetsera chakudya kwa masabata awiri, kawiri konse: ulendo wina ankakhala pabedi maola 8 ndi theka, ulendo wina maola 5 ndi theka. Sikelo inaonetsa kuti maulendo onse awiri anatsika mofanana, pafupifupi makilo atatu. Koma pa ulendo wa tulo tochepa, mafuta omwe anachoka anali ochepera theka la omwe anachoka ulendo winawo, ndipo zomwe si mafuta, kuphatikizapo minofu, ndi zomwe zinachoka kwambiri. Anthuwo sanali onyamula zitsulo ndipo anali ochepa, choncho manambalawo musawatenge ngati lamulo la thupi lanu. Koma komwe akuloza n'koonekeratu: chakudya chomwechomwecho, thupi limachigwiritsa ntchito mosiyana malinga ndi mmene mwagonera.

Pali nkhani ina yomwe imamveka kwambiri m'majimu, yoti homoni yokulitsa thupi imatuluka munthu ali mtulo. N'zoona, yambiri imatuluka m'maola oyambirira a usiku, pa tulo tofa nato tija. Koma popeza imatuluka koyambirira, munthu wogona maola asanu amaipezabe ndithu. Chomwe mumadula mukadzuka 4:30 ndi tulo ta mbandakucha, ta maloto, komanso maola omwe testositeroni imakhala ikukwera. Ndiye musadzitonthoze nayo nkhani ya homoniyo.

Tibwere pa benchi yanu. Kusagona sikumachotsa mphamvu zonse nthawi imodzi, n'chifukwa chake kumanamiza. Seti yoyamba ya makilo 80 imakwera bwinobwino, marepu asanu onse, munthu n'kumati ndili bho. Yachiwiri marepu anayi. Yachitatu atatu, ndipo chitsulo chomwe mukuchidziwa chikumveka ngati wina wawonjezera mapuleti mobisa. Chimene chafooka kwambiri si mnofu wokha koma ubongo womwe umaulamula: ntchito yomweyo imamveka yolemera kuposa mmene ilili, ndipo mumasiya msanga. Mu 1994 ofufuza a ku Liverpool anagoneka anyamata maola atatu okha kwa masiku atatu motsatizana. Mphamvu zawo pa benchi, pokankha ndi miyendo ndi podzula chitsulo pansi zinatsika, koma pa kupinda mkono kwa mabaisepu kuja sizinasinthe kwenikweni. Masewero aakulu ogwiritsa thupi lonse ndi omwe amayamba kugwa. Ndiye ngati mikono ikuyendabe koma sikwati ndi benchi zaima, chizindikiro chake n'chimenecho.

Taganizirani zomwe zimachitika pa miyezi iwiri. Tsiku lililonse mukutaya marepu atatu kapena anayi kumapeto kwa maseti, omwe ndi marepu amene amaumiriza mnofu kukula. Ntchito yomwe mukuipatsa mnofu yachepa, ndipo kukonza kwa usiku nakonso kwachepa. Chitsulo chikwera bwanji?

Kupweteka kwa masiku anayi kuli ndi mbali ziwiri. Kuphwanya kwa pambuyo pa masewero kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo kumavuta kwambiri ukayamba masewero achilendo. Kwa munthu wa zaka ziwiri mu jimu, wochita sikwati yomweyo sabata iliyonse, kumayenera kukhala kochepa. Kukamatalika, mwina minofu siikumaliza kuchira lisanafike tsiku lina la miyendo. Komanso kusagona kumachititsa thupi kumva ululu msanga, moti kuphwanya komwe mukanangokunyalanyaza kumakuyendetsani ngati nkhalamba pokwera masitepe. Izi n'zosiyana ndi ululu wobaya pamalo amodzi, pabondo kapena paphewa, womwe ndi kuvulala. Ndipo mukadzaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, minofu itatupa ndi kupweteka modetsa nkhawa pambuyo pa masewero olemetsa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zimenezo zimatha kuononga impso.

Tsono chochita. Ine ndikanakhala inu, ndikanadula masiku a jimu kuchoka pa asanu kufika pa atatu: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ndikudziwa kuti mawu amenewa amawawa kwa munthu wokonda zitsulo, koma tawerengani nane. Panopa mumagona maola 25 pa mausiku asanu a mkati mwa sabata. Mukamalowa m'bedi 10 koloko, masiku atatu a jimu mugona maola 6 ndi theka, ndipo masiku awiri enawo, podzuka 6 koloko, mugona maola 8. Zonse pamodzi ndi maola 35 ndi theka. Mwapeza maola oposa khumi pa sabata popanda kugula kanthu. Ngati minibasi ya kuntchito siikulolani kudzuka 6 koloko, ngakhale 5:30 ndi phindu. Ndipo masiku a jimuwo akadali operewera, choncho mukazolowera 10 koloko, kokerani ku 9:30.

M'masiku atatuwo zonse zimakwana. Sikwati kawiri pa sabata, benchi kawiri, kudzula chitsulo pansi kamodzi, zokoka za msana tsiku lililonse la jimu. Pa benchi bwererani pa makilo 72 ndi theka, kapena 70 ngati jimu yanu ilibe timapuleti tating'ono, maseti anayi a marepu asanu, onse oyera opanda mnzanu kukukokerani. Sabata iliyonse onjezani makilo awiri ndi theka. Pofika sabata yachinayi kapena yachisanu mudzakhala mwabwerera pa 80, ndipo funso lidzakhala limodzi: kodi seti yachinayi ikukwanabe marepu asanu?

Kuti musamangoganizira, tengani kope. M'mawa uliwonse lembani maola omwe mwagona, ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi musanadzuke pabedi. Mukatha masiku angapo mudzadziwa nambala yanu ya masiku onse. Ikakwera ndi kasanu kapena kuposa kwa masiku angapo otsatizana, thupi likunena kuti silinachire, kapena mukuyamba kudwala. Ku jimu lembani marepu a seti yomaliza, osati yoyamba.

Chovuta chenicheni n'kugona 10 koloko, ndipo apa ndikukayikira zinthu ziwiri zomwe simunazitchule. Choyamba ndi kafeini. Wodzuka 4:30 amayamba kusinza masana, ndiye amagula chakumwa chopatsa mphamvu chija kapena khofi cha m'ma 3 kapena 4 koloko. Kafeini amatenga pafupifupi maola asanu kuti theka lake lichoke m'magazi, moti pofika 9 koloko usiku theka likadali momwemo. Mutha kugona ndithu, koma tulo take timakhala tapamwamba. Kuyambira nkhomaliro, musiyeni. Chachiwiri ndi mpira wa ku Ulaya wa mkati mwa sabata, womwe kuno umayamba 9 kapena 10 koloko usiku n'kutha cha pakati pa usiku. Sindikuuzani kuti musiye timu yanu, inenso sindingamve. Koma usiku wa mpira usatsatane ndi m'mawa wa sikwati: sinthani tsikulo. Mowa nawo umagonetsa msanga koma umadula tulo chakum'mawa, ndipo wambiri umachedwetsa kumanga kwa minofu. Za kutentha kwa mu Okutobala ndi udzudzu mukuzidziwa kale: sambani musanagone, tsegulani zenera, gonani mu neti.

Kugona masana kumathandiza ngati kuntchito kuli pobisala. Mphindi 20 mpaka 30 pa nthawi ya nkhomaliro zimabweza tcheru. Kupitirira apo mumadzuka mutu uli wolemera, ndipo kukakhala kumadzulo kumakuberani tulo ta usiku. Kugona mpaka 10 koloko Lamulungu kumachepetsa kutopa, koma sikubweza marepu omwe munataya Lachiwiri.

Usiku umodzi woipa usakuopseni. Mwana akadwala kapena mukachezera pamaliro, m'mawa mwake pitani ndithu ngati mukufuna, koma chotsani gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwa chitsulo, dulani seti imodzi, ndipo musayese kuswa rekodi tsiku limenelo, makamaka pa sikwati ndi podzula pansi pomwe msana umalipira mukalakwitsa kaimidwe.

Mukachita zonsezi kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi koma benchi osasuntha, pamenepo tiyang'ane mbale yanu. Wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi lake patsiku, ndipo mazira, usipa, nyama ya soya, nyemba, mtedza ndi chambiko zimafikitsa pamenepo motchipa kuposa ufa wa m'chitini. Koma ngati mukugona maola asanu ndi atatu n'kumadzukabe wotopa, ndipo akunyumba amadandaula kuti mumaliza mkonono mpaka kumabanika, kaonaneni ndi dokotala. Kubanika mtulo kumagwiranso amuna a khosi lalikulu ngakhale alibe mimba, ndipo kuchepa kwa magazi kapena shuga nazo zimabweretsa kutopa kofanana ndi kumeneku.