Tebulo langa lomwe linandisandutsa wakuba

"Abale thandizeni. Ndakopera macheza onse a pagulu lathu la zopereka, miyezi iwiri yathunthu. Ndikufuna tebulo looneka bwino la tsiku, dzina ndi ndalama. Ndiyambire pati?"

Achemwali, ndangowerenga mtima wanga wachita kuti phaa, chifukwa ine zimenezi zinandiliza pamaso pa anthu. Musanatumize tebulo limenelo kwa aliyense, mundimvere kaye.

Ine ndinali mlembi. Ndinatulutsa macheza pa WhatsApp ndi Export chat, n'kusankha Without media, n'kumata zonse mu Excel pa laputopu yobwereka. Ndinagawa bwinobwino makolamu, tsiku, nthawi, dzina, ndalama, mizere 46 ya zopereka. Pansi ndinaika SUM, n'kukagona ndili ndi mtendere.

Tsiku la msonkhano msungichuma anawerenga zomwe analandira, ine n'kuwerenga zanga. Zanga zinaperewera ndi 70,000. M'chipinda munangoti zii. Ndiye wapampando wathu uja, munthu amene sanalembepo ngakhale mzere umodzi wa tebulo chiyambireni gulu, anavula magalasi pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Alembi, kapena pali mayina amene mwawasungira pambali?" Anthu ena anaseka. Manja anga ankanjenjemera moti mbewa ya kompyuta imandipulumuka. Ndikukwera ndi kutsika m'tebulomo, mayina onse alimo, manambala onse akuoneka, koma chiwonkhetso chikukana. Ndisanapume, mayi ena achikulire anaimirira akuti ndawalemba pa ochedwa oyenera chindapusa, chonsecho anapereka sabata yoyamba yeniyeni. Anatulutsa foni, uthenga wawo uli pomwepo. Ndinangoti kakasi, thukuta lili kamukamu.

Usiku womwewo ndinapeza zonse ziwiri. Za 70,000 zija, anthu asanu analemba ndalama mwanjira yawoyawo: wina 15 000 ndi mpata pakati, wina 10 000, awiri 20k, wina 5k. Ine ndinangokopera momwemo. Kwa munthu amenewo ndi manambala, koma kompyuta inkawaona ngati mawu, ndipo SUM ikapeza mawu imangowadumpha mwakachetechete, osadandaula n'komwe. Chizindikiro chinalipo koma sindinkachidziwa: nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Tisanu timeneto tinali kumanzere. Mukafuna kutsimikiza lembani izi pambali:

```
=COUNTA(D2:D47)
=COUNT(D2:D47)
```

Yoyamba imawerenga timabokosi tonse tomwe muli kanthu, yachiwiri imawerenga ta manambala tokha. Ine inandipatsa 46 ndi 41. Zikasiyana choncho, dziwani kuti chiwonkhetso chanu n'chabodza. Mankhwala ake n'kulemba ndalama iliyonse m'manambala okhaokha, 15000, popanda mpata, popanda k, popanda chizindikiro cha ndalama.

Za mayi aja ndiye zinandipweteka koposa. Uthenga wawo m'fayilo unkaoneka chonchi:

```
05/04/2024, 19:42 - A: ndatumiza 15000
```

Foni yanga imayamba ndi tsiku kenako mwezi, ndiye apa ndi pa 5 Epulo. Laputopu ija mwini wake anaitchera mwachimereka, mwezi patsogolo, ndiye inawerenga kuti 4 Meyi. Malire opereka anali pa 30 Epulo. Basi mayi osalakwa agwera pa ochedwa. Choipa kwambiri n'choti sizitembenuka zonse. Masiku oyambira 1 mpaka 12 amatembenuka chifukwa angathe kukhala mwezi, koma 13/04 kapena 25/04 sangatembenuke poti kulibe mwezi wa 13, ndiye amangokhala ngati mawu, kumanzere. Mukaona kolamu ya masiku ili ena kumanja ena kumanzere, zaonongeka kale. Ndipo musavutike kusintha kaonekedwe ka kabokosi, tsiku lotembenukalo silibwerera. Fufutani, ikani kolamuyo pa Text musanamate, matani kachiwiri, kenako Data, Text to Columns, pa sitepe yachitatu musankhe Date ndi DMY. Mukatha tengani tsiku limodzi lomwe mukulikumbuka bwino mulifananize ndi pafoni.

Wapampando uja mpaka lero sanapepese. Nditatumiza tebulo lokonza ndi kufotokoza zonse, anangoyankha ndi kachala kam'mwamba. Kachala! Munthu wanditcha wakuba anthu akumva, n'kumaliza ndi kachala. Ndipo mwa anthu asanu olemba 20k ndi mipata aja mmodzi anali iyeyo.

Pokonzanso m'pamene ndinaona kuti ngakhale mayina ndinali nditawaphonya. Dzina lomwe limabwera kumayambiriro kwa mzere ndi la wolemba uthenga, osati la wopereka ndalama. Wina amalemba kuti "ndatumiza yanga ndi ya amayi, 30000", apo pakufunika mizere iwiri, ndipo mufunse kaye ngati ndi theka ndi theka, osangoganiza. Dzinalonso limabwera momwe inuyo munalisungira pafoni panu, ndiye amene simunawasunge amangotuluka nambala ya foni, ndipo amene anasintha nambala pakati amaoneka ngati anthu awiri. Tsikunso n'chimodzimodzi, ndi la uthenga. Munthu akalemba Lolemba kuti "ndinatumiza dzana", ndalama inapita Loweruka. N'chifukwa chake masiku ano ndimakhala ndi kolamu ya tsiku la uthenga payokha ndi ya tsiku lopereka payokha, ya wolemba payokha ndi ya wopereka payokha, ndipo kumapeto ndimamata uthenga wonse momwe unalili. Kolamu yomalizayo ikanakhalapo tsiku lija bwenzi nditamutseka pakamwa pomwepo.

Chenjeraninso ndi kubwereza. Wopereka alemba "ndatumiza 10000", msungichuma ayankha "ndalandira 10000", inu mukangosaka manambala muwerenga kawiri. Sankhani mbali imodzi, ine ndimatenga ya wolandira. Ndipo paliponse pomwe palembedwa `<Media omitted>` bwererani pafoni, kawirikawiri ndi chithunzi cha umboni wa ndalama chomwe munthu anatumiza osalembapo mawu. Uthenga wautali wa mizere ingapo, mzere woyamba wokha ndi umene umakhala ndi tsiku ndi dzina, inayo imagwera pansi yopanda mwini, ndiye mukasanja tebulo musanaimatire kwa mwini wake imabalalika osapezekanso.

Langizo langa ndi loti makinawa musawakhulupirire, khalani pansi ndi foni ndi kope, mulembe mzere uliwonse pamanja. Ngakhale kunena zoona tisanu tija ndinatikopera ndi manja angawa, ndipo inandigwirira cholakwacho ndi COUNT yomweyo. Ndiye kaya, lembani pamanja koma muiyendetsebe. Mauthenga akapitirira mazana angapo pamanja mudzatopa n'kuyamba kudumpha mizere, bola kungogawa ndi Text to Columns. Koma chiwonkhetso mukafananize ndi msungichuma muli awiriwiri msonkhano usanafike, ndipo ulembi akakupatsaninso chaka chamawa mukane, ngakhale ine ndikadali mlembi mpaka pano.