Ahedi akati "tipezeni pa WhatsApp"

"Ndimasoka mayunifolomu a sukulu ku Lilongwe. Ndakhala ndikutumiza maimelo ku sukulu zapulayiveti, koma ahedi ena amangoyankha kuti tipezeni pa WhatsApp. Ndiziwalembera bwanji kuti ndisaoneke wachibwana?"

Mayi, choyamba musakopere imelo ija n'kuiponya pa WhatsApp mmene ilili. Uthenga ukatalika kwambiri WhatsApp imaudula n'kuikapo Read more, ndipo ahedi amene akuwerenga ali chiimire pakhonde la kalasi sangadine pamenepo. Komanso imelo imakhala ndi mutu pamwamba ndi dzina la bizinesi pansi, pomwe pa WhatsApp amangoona nambala yachilendo ndi mawu anu oyamba, batani la Block lili pafupi. Ndi mmene akuba a pafoni atisautsira muno, munthu aliyense amakayikira nambala yosadziwika. Ndiye mawu oyambawo anene kuti ndinu ndani komanso kuti nambala munaipeza bwanji. Ine ndikanalemba chonchi:

"Mwadzuka bwanji ahedi. Ndine mayi Uje, telala wa ku Kawale. Ndinakutumizirani imelo Lachiwiri ya mayunifolomu, munati ndikupezeni kuno. Timasoka malaya, masiketi ndi makabudula, baji ya sukulu timaikiratu. Kodi ndikutumizireni mitengo ya pulayimale kapena ya sekondale? Zikomo."

Taonani funso lakumapetolo. Ndi limodzi, ndipo angathe kuyankha ndi liwu limodzi lokha. Mukafunsa kuti "mukuganiza bwanji?" mwawapatsa ntchito yoti akhale pansi aganize, ndipo adzati ndiyankha madzulo, madzulowo osafika. Koma akangolemba kuti "pulayimale", kukambirana kwayamba.

Zonsezi zipite mu uthenga umodzi. Chizolowezi chathu cholemba "Moni" n'kudikira, kenako "muli bwanji" n'kudikiranso, n'chabwino kwa achibale, koma kwa munthu amene sakudziwani chimaoneka ngati mukufuna kupempha ndalama. Ulemu wokhawo musauchotse pofuna kufupikitsa: moni alipo, udindo wawo mwautchula, zikomo alipo. Chochotsa ndi mbiri ya bizinesi yanu, tizithunzi toseka ndi mawu odula pakati. Uthenga wa mawu nawonso udikire kaye, chifukwa ali mu ofesi ndi makolo sangautsegule, ndipo mtengo wonenedwa pakamwa suvuta kuukana mawa.

Akayankha, m'pamene mutumize mitengo. Ikhale PDF ya tsamba limodzi yotumizidwa ngati Document, yokhala ndi dzina lomveka, osati chithunzi cha pepala chojambulidwa pathebulo, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi, manambala ang'onoang'ono n'kufufutika. Linki ya Google Drive kapena ya webusayiti ipeweni. Ena amene amati tipezeni pa WhatsApp amagula bandulo ya WhatsApp yokha ya Airtel kapena TNM, ndiye linki yakunja siwatsegukira, ndipo sadzakuuzani, adzangokhala chete. Pansi pa PDF lembani mtengo umodzi m'mawu, mwachitsanzo wa malaya a mwana wa Sitandade 1, ndi tsiku limene mitengoyo ithere, popeza nsalu sichedwa kukwera.

Akapanda kuyankha, yang'anani tizizindikiro tochonga tija. Kamodzi kotuwa ndiye kuti uthenga sunafike pafoni pawo, mwina bandulo yatha kapena foni yazima, ndiye imbani kapena dikirani. Tiwiri totuwa wafika, koma ena amazimitsa kuti tisamasanduke ta buluu, choncho musaganize kuti sanawerenge. Padutse masiku awiri kapena atatu, mulembenso kamodzi, ndipo mubwere ndi chatsopano: "Ahedi, Lachinayi ndidutsa cha kwanuko, ndingakusiyireni sampulo ya siketi muione?" Kulemba "mwaona uthenga wanga?" kumangowakumbutsa ngongole. Akakhalabe chete, asiyeni mpaka teremu ikamatha, nthawi imene sukulu zimaganizira za ana atsopano. Ndipo lembani nthawi ya ntchito, osati usiku kapena Lamulungu m'mawa, chifukwa foniyo ndi yomweyo imene amalankhulira ndi ana awo.

Ndikupempheni ndithu, musatole manambala a ahedi m'magulu n'kuwaponyera uthenga onse pakamodzi. Broadcast imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu, ndipo anthu ambiri akadina Report, WhatsApp ikhoza kutseka nambalayo, makasitomala akale omwe n'kukusowani. Njira yabwino ndi yoti iwo ayambe okha. Ikani linki iyi pansi pa imelo iliyonse, kuti akaidina afike pa WhatsApp yanu, nambala yanu muilembe pambuyo pa 265 popanda 0 woyamba:

```
https://wa.me/26599XXXXXXX
```

Ngati mulibe WhatsApp Business, iikeni, mulembemo dzina la shopu, malo ndi nthawi yotsegulira, kuti akadina pa nambala yanu aone kuti ndi bizinesi. Mukadzagwirizana za oda, chiwerengero cha zovala, masaizi, ndalama yoyambira ndi tsiku lopereka muzitumizenso pa imelo, ndipo muwadziwitse pa WhatsApp kuti mwatumiza. Wosunga ndalama za sukulu ndi mwini sukulu adzafuna pepala, ndipo macheza a pafoni ya ahedi sangawaone.